Mnzanu wa m'nyumba ali ndi HIV, inu mulibe: za piritsi lomwa tsiku ndi tsiku

Lero ndilankhula ndi mabanja amene anapita kukayezetsa magazi, wina n'kupezeka ndi kachilombo ka HIV, wina ayi. Zimenezi zimachitika ndithu, ngakhale kwa anthu amene agona pamphasa imodzi zaka zambiri n'kubereka ana. Si ufiti, komanso si kuti makina ananama. Kachilombo sikalowa nthawi iliyonse imene anthu akhala malo amodzi. Koma kusakatenga dzulo sikutanthauza kuti simungakatenge mawa, ndipo n'chifukwa chake pali piritsi limene ndikufuna kufotokoza.

Pa mapepala a kuchipatala amalilemba kuti PrEP, ife pakamwa timangoti Pulepu. Ndi piritsi limodzi patsiku, lomwa munthu amene alibe kachilombo. Mkati mwake muli mankhwala awiri, tenofoviri ndi lamivudini. Akakhala m'thupi tsiku lililonse, kachilombo kakalowa kamalephera kuswana, ndiye kamafa kasanakhazikike. Mawu akuti kasanakhazikike muwagwire bwino, chifukwa malamulo onse a Pulepu achokera pamenepo. Piritsi limeneli limatseka pakhomo. Siligwira ntchito yothamangitsa mdani amene walowa kale m'nyumba.

Analiyesa pa mabanja ngati anuwa. Ku Kenya ndi ku Uganda anatsatira mabanja oposa 4,700 amene mmodzi anali ndi kachilombo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2011. Pa anthu 4 alionse amene akanatenga kachilombo, 3 anapulumuka chifukwa cha piritsi la mankhwala awiri lofanana ndi lathuli. Powerengera pamenepo anaphatikiza ndi amene ankadumphitsa masiku. Ataona okhawo amene mankhwala ankapezekadi m'magazi mwawo, chitetezo chinafika pafupifupi 9 pa 10. Kuno ku Mozambiki anayambira ku Zambeziya mu 2018, ndipo oyamba kulandira anali mabanja otere.

Nthawi imene piritsili limafunika kwambiri

Wina angafunse kuti, mnzanga wayamba kale mankhwala otalikitsa moyo, amene kuchipatala amati TARV, nanga ine ndimwerenji? Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho lake ndilo phata la nkhani ya lero.

Munthu amene akumwa TARV mosadumphitsa, tizilombo m'magazi mwake timachepa mpaka makina amalephera kutiona. Akafika pamenepo sapatsira mnzake pogonana. Kafukufuku amene anayamba kuonetsa zimenezi bwinobwino, mu 2011, anachitikiranso pafupi nafe pompano, ku Lilongwe ndi ku Blantyre: kuyamba mankhwala msanga kunachepetsa kupatsirana m'banja ndi 96 pa 100. Koma tizilombo sitichepa tsiku limodzi. Pamatenga miyezi, mwina mpaka 6, ndipo palibe amene angadziwe poyang'ana nkhope. Munthu atha kunenepa, kubwerera kudimba, kunyamula thumba la mbatatesi pamutu, tizilombo tikadali tambiri. Chimene chimanena zoona ndi kuyeza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, kumene anamwino amati kaliga viralu. Kumeneku amayeza munthu akamaliza miyezi 6 pa mankhwala.

Ndiye pakati pa tsiku limene mnzanu wayamba TARV ndi tsiku limene pepala la kaliga viralu labwera ndi nkhani yabwino, pali mpata. Pulepu ndi wa mumpata umenewu. Kwa mabanja ambiri si mankhwala a moyo wonse ayi. Kwa ena mpatawo umatalika: mnzanu akukana kuyamba mankhwala, kapena amamwa modukizadukiza, kapena sakuonetsani pepala lake, kapena mukudziwa mumtima mwanu kuti panja pali ena. Pamenepo mumapitiriza kumwa nthawi yonse imene chiopsezocho chilipo.

Amene angalandire

Choyamba, ndipo palibe chodumphira, ayeze magazi anu tsiku lomwelo apeze kuti mulibe kachilombo. Pepala la chaka chatha silikwanira, ngakhale la miyezi iwiri yapitayo. Chifukwa chake nachi. Mankhwala amene mnzanu akumwa ali ndi mitundu itatu m'piritsi limodzi: tenofoviri, lamivudini ndi dolutegiraviri. Pulepu ali ndi iwiri yokha. Iwiriyo ndi yokwanira kutsekereza kachilombo kamene kakufuna kulowa, koma ndi yochepa kwa kachilombo kamene kakhazikika kale. Munthu amene ali nako osadziwa akamamwa Pulepu, kachilomboko kamaphunzira kupirira mankhwalawo, ndipo tsiku limene adzafune TARV adzapeza kuti mbali ya mankhwalawo yafooka kale kwa iye.

Pa chifukwa chomwechi, mabotolo awiriwa asasinthane m'nyumba. Mnzanu akathedwa mapiritsi musamubwereke anu, mukumupweteka. Inunso musatape m'botolo lake. Mabotolo amafanana, ndiye lanulo mulimange kansalu kapena ulusi kuti lidziwike ngakhale mumdima.

Chachiwiri, anamwino adzakufunsani ngati m'masabata apitawa mwamva kutentha thupi, zilonda zapakhosi, mwanabere, totupa pakhungu kapena kuphwanya thupi. Apa ambiri timayankha msanga kuti ndi malungo chabe, kapena chimfine cha mphepo ya mu Juni. Mwina n'zoonadi. Koma HIV ikangolowa kumene, pakati pa masabata awiri ndi anayi, imayambanso chimodzimodzi, ndipo pa nthawi imeneyo kachipangizo koyezera kaja kamatha kuonetsa mzere umodzi ngati mulibe. Ndiye mukanena kuti munatentha thupi sabata yatha, atha kukuuzani kuti mudikire, mugwiritse ntchito kondomu, mudzayezenso pakapita masabata angapo. Sakukumanani. Akupewa vuto lija ndanena la kachilombo kopirira mankhwala.

Chachitatu, adzafunsa kuti munagonana liti komaliza popanda kondomu. Funsoli limachititsa manyazi, makamaka wofunsayo akakhala wamng'ono kwa inu, koma yankhani zoona. Ngati sipanathe maola 72, amene ndi masiku atatu, chimene mukufunika poyamba si Pulepu. Amakupatsani mankhwala a mitundu itatu aja kwa masiku 28, kuti aphe kachilombo kamene mwina kalowa kumene. Mukamaliza n'kuyezanso, m'pamene mumasamukira pa Pulepu.

Zotsalazo n'zachidule. Mukhale ndi zaka 15 kapena kuposa. Adzakukwezani pasikelo, chifukwa piritsili ndi la thupi la munthu wamkulu. Adzafunsa za impso, chifukwa tenofoviri amatuluka m'thupi kudzera m'impso. Wachinyamata wopanda vuto lililonse nthawi zambiri amayamba tsiku lomwelo. Koma amene wapitirira zaka 50, kapena ali ndi shuga, kapena kuthamanga kwa magazi, kapena anadwalapo impso, ayenera kunena, kuti ayezedwe magazi a impso. Impso zikapezeka zofooka, Pulepu samupatsa.

Mayi woyembekezera ndi mayi woyamwitsa amaloledwa, ndipo ine ndimati iwowa ndiwo oyamba kuwaganizira. Nthawi ya mimba ndi miyezi ya pambuyo pobereka, thupi la mayi limatenga kachilombo mosavuta kuposa nthawi zina. Komanso mayi akatenga kachilombo pa nthawi imeneyi, tizilombo timachuluka kwambiri m'masabata oyamba, ndipo mwana wa m'mimba kapena wa kubere amakhala pangozi yaikulu. Pulepu sasokoneza jakisoni wolera, mapiritsi olera kapena kachipangizo ka pamkono. Koma iye si mankhwala olera, ndipo satseka chindoko, chinzonono kapena mabomu. Zimenezo ndi ntchito ya kondomu.

Abambo, piritsili ndi lanunso. Kawirikawiri amene amayamba kudziwika ndi amayi, chifukwa amayezedwa kusikelo ya mimba, ndiye bambo amangoganiza kuti nayenso basi ali nako, osapita kukayezetsa. Pitani, mwina mulibe. Pa mitala, mkazi aliyense ayezedwe payekha ndipo alandire botolo lake.

Tiyende ndi banja limodzi miyezi yonse

Tiyerekeze banja la kuno kwathu. Bambo ali ndi zaka 34, amalima mbatatesi ndi nyemba. Mayi ali ndi zaka 27, akuyamwitsa mwana wa miyezi 5. Mu Epulo bambo akudwaladwala, apita kuchipatala, apezeka ndi kachilombo, ndipo ayamba TARV. Patapita masiku awiri abwera ndi akazi awo. Mayi ayezedwa, alibe. Sanatenthe thupi. Chifukwa cha kudwala kwa bambo, patha masabata asanu asanakhale malo amodzi. Shuga alibe, impso sizinawavutepo. Tsiku lomwelo alandira botolo la mapiritsi 30, osalipira kanthu.

Anamwino awauza kuti chitetezo sichiyamba ndi piritsi loyamba. Mankhwala amafuna masiku 7 omwa motsatizana kuti akwanire m'thupi. Sabata yoyambayo ndi ya kondomu kapena kudziletsa. Apa ndi pamene ena amagwa: amamwa piritsi limodzi madzulo a tsiku limene akudziwa kuti pachitika kanthu, n'kumaganiza kuti atetezeka. Kwa mayi, kumwa kotero sikuteteza.

Tsiku lachiwiri mayi ayamba kumva nseru, m'mimba mukuwira, mutu ukuwawa pang'ono. Ankamwa m'mamawa asanadye, akupita kumunda. Asintha nthawi, ayamba kumwa madzulo akatha kudya nsima, nthawi yomweyo imene amuna awo akumwa awo. Pofika sabata yachitatu zonse zatha.

Mu Meyi, botolo lisanathe, abwerera kuchipatala. Ayezedwanso magazi. Ulendo umenewu musaudumphe: ndi umene umagwira kachilombo kamene mwina kanalowa Pulepu asanayambe koma kanali kasanaonekere mu Epulo. Alibe. Kuchokera apo amayezedwa miyezi itatu iliyonse, ndiye tsiku lotsatira ndi la mu Ogasiti.

Mu Julayi bambo apita ndi galimoto ya mbatatesi ku Tete. Ankati akhala masiku atatu, koma msika uvuta, akhala masabata atatu, botolo analisiya kunyumba. Atabwerera ayambiranso kumwa koma mwa apo ndi apo, poti akumva bwino. Mayi sanasiye kumwa awo pamene amuna awo kunalibe, ndipo anachita bwino, chifukwa bambo anafika usiku osanena. Akanasiya, akanafunika kuyambiranso masiku 7 aja.

Mu Okutobala, miyezi 6 yakwana, bambo atengedwa magazi a kaliga viralu. Magaziwo amatumizidwa kwina kukayezedwa, ndiye yankho silibwera tsiku lomwelo, ndipo nthawi yodikirayo mayi akupitiriza kumwa. Pepala libwera mu Novembala, lalembedwa 8,000. Nambala iliyonse yoposa 1,000 ikutanthauza kuti tizilombo sitinagonje, ndipo bambo angathe kupatsira. Taganizirani mayi akanasiya mu Okutobala pongowerenga miyezi pa zala, kuti yakwana 6. N'chifukwa chake timati chosiyitsa Pulepu ndi pepala, osati kalendala.

Bambo akhala pansi ndi alangizi, amwa mosadumphitsa miyezi ina itatu, ndipo mu Febuluwale ayezedwanso. Ulendo uno pepala likuti tizilombo sitikuoneka. Tsopano banjali lingathe kukambirana ndi anamwino za kusiya. Mayi atha kunena kuti, ine ndipitiriza mpaka mwana aleke kuyamwa, ndionenso ngati bambo a mwana adzanyamule botolo pa ulendo wa chaka chino. Ndi ufulu wawo, ndipo kwa ine ndi maganizo anzeru. Pepala limanena za tsiku limene magazi anatengedwa. Mnzanu akasiya mankhwala, tizilombo timayamba kubwerera pasanathe masabata ochepa.

Kusiyanso kuli ndi njira yake. Simusiya m'mawa mwake mwa tsiku limene munagonana pali chiopsezo. Mumapitiriza masiku ena. Kale ankati masiku 28, ndipo kuyambira 2022 Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limati masiku 7 akwanira. Mukamva manambala awiriwa musasokonezeke, tsatirani limene anamwino anu akupatsani.

Zimene thupi limamva

Anthu ambiri samva chilichonse. Pafupifupi munthu mmodzi pa 10 amamva zija anamva mayi uja: nseru, kupotokola m'mimba, kutsekula pang'ono, mutu, chizungulire kapena kufooka. Zimayamba m'masiku oyambirira, ndipo kawirikawiri mwezi usanathe zimakhala zatha zokha. Kumwa piritsi ndi chakudya, kapena pokagona, kumathandiza. Choipa n'chakuti masiku amenewa ndi amene munthu amataya botolo, pamene akanangopirira sabata ina akanaiwala kuti akumwa mankhwala. Mwezi ukatha zisanasiye, bwererani kuchipatala.

Mukasanza n'kuliona piritsi m'masanzi, dikirani pafupifupi ola limodzi mtima ukhale pansi, mumwe lina. Ngati papita nthawi yoposa ola chimwereni, mankhwala alowa kale, mudzamwe mawa monga mwa masiku onse. Mukaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo, imwani pomwepo. Mukakumbukira mawa lake, imwani limodzi, osati awiri. Kuiwala tsiku limodzi mwa apo ndi apo sikugwetsa chitetezo chonse. Koma mukadumphitsa sabata yathunthu musangoyambiranso nokha, pitani akakuyezeni kaye.

Za impso ndidekhepo pang'ono, chifukwa vuto lake silimveka kuwawa poyamba. Limachitika kwa anthu ochepa, pafupifupi mmodzi pa 200, limaoneka poyeza magazi, ndipo kawirikawiri impso zimabwerera mwakale munthu akasiya piritsi. Chimene chimawonjezera ngozi kuno kwathu ndi mapiritsi a ululu ogula pamsika, bulufeni ndi dikilofenaki, amene ambiri timamwa tsiku ndi tsiku nthawi yolima mizere msana ukamawawa. Amenewanso amalemetsa impso, ndiye akakumana ndi tenofoviri kwa masabata ambiri, katundu amachuluka. Ngati mumawamwa kawirikawiri, nenani. Panado alibe vuto limeneli. Mankhwala a zitsamba amene mukumwa muwatchulenso, musaope kuti akudzudzulani. Mukaona mapazi kapena nkhope zikutupa, kapena mkodzo wachepa kwambiri, musadikire tsiku lolembedwa pakhadi. N'chimodzimodzi mukatsekula m'mimba kapena kusanza kwambiri mpaka thupi kuuma, kapena totupa tikabuka thupi lonse.

Mafupa amapepukako pang'ono kwambiri pamene munthu akumwa, mosati n'kumva, ndipo amabwerera akasiya.

Pali gulu limodzi limene vuto lake silibwera pomwa koma posiya. Awa ndi anthu amene ali ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B, amene ambiri amakhala nawo osadziwa. Mankhwala a mu Pulepu amapondereza kachilombo ka chiwindi kameneka. Munthu wotere amaloledwa kumwa, koma akasiya mwadzidzidzi kachilomboko kamatha kudzuka mwamphamvu n'kutupitsa chiwindi. Ndiye ngati munauzidwapo kuti muli ndi matendawa, musasiye nokha. Ndipo aliyense amene wasiya Pulepu, akaona maso achita chikasu, mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, afulumire kuchipatala ndipo anene kuti ankamwa piritsili.

Za mowa amafunsa ndi abambo. Mowa suchotsa mphamvu ya Pulepu. Umachotsa chikumbumtima. Ngati mukudziwa kuti Loweruka mumabwera mochedwa kuchokera kumsika, sankhani nthawi ya m'mawa.

Mukatentha thupi, kumva zilonda zapakhosi ndi mwanabere muli pa Pulepu, makamaka mutadumphitsa masiku, pemphani kuti pamodzi ndi malungo akuyezeninso HIV. Akakupezani nako, Pulepu amasiya tsiku lomwelo n'kukuyambitsani TARV ya mitundu itatu.

Kokafunsa ndi kosunga botolo

Yambirani pachipatala chimene mnzanu amalandirira mankhwala, kaya ndi cha Domwe, kaya ndi chachikulu cha ku Ulongwe. Nenani poyera kuti, mnzanga ali pa TARV, ine ndikufuna kuyezetsa ndi kumva za Pulepu. Ngati pamalopo palibe, akuuzani koyenera kupita. Kupita awiri n'kwabwino chifukwa pepala la kaliga viralu mumaliona limodzi, koma si lamulo. Mutha kupita nokha, ndipo safuna chilolezo cha mwamuna kapena cha mkazi wanu. Ngati mukuopa kuti botolo likapezeka m'nyumba pakhala ndewu, auzeni anamwino zimenezo tsiku loyamba, mukambirane kosungira.

Alipo ena amene mnzawo amalandirira mankhwala kutsidya, ku Dedza kapena ku Ntcheu. Zimenezo sizikuletsani inu kulandira Pulepu kuno. Mungotenga kabuku kake ka kuchipatala, ngati alola, kuti anamwino aone tsiku limene anayamba ndi nambala yomaliza ya tizilombo.

Achibale akaona botolo amafulumira kunena kuti nanunso mukudwala, poti likufanana ndi la mnzanu. Ena amatsanulira mapiritsi m'kapepala kapena m'thumba la shuga kuti asadziwike. Musatero, chifukwa nthawi ya dzinja kuno chinyezi chimawaononga. Asiyeni m'botolo lake lotseka bwino, pamodzi ndi kathumba kouma kaja kamene kamakhala mkatimo, kutali ndi moto ndi dzuwa, pamalo amene ana safikira. Mukakhala ndi ulendo wa kumaliro, kumsika wakutali kapena kukagwira ganyu, werengani mapiritsi otsala musananyamuke, ndipo ngati sakwanira masiku a ulendowo pitani mukatenge ena tsiku la pakhadi lisanafike.